Kukana mtengo wa nkhuku osathamangitsa mwini nkhuku

"Ndili ndi malo odyera pafupi ndi msika wa Kapata. Bambo amene amandibweretsera nkhuku 60 sabata iliyonse anditumizira imelo yoti kuyambira mwezi wamawa nkhuku imodzi ichoka pa K110 kufika pa K135, ati chakudya cha nkhuku ndi dizilo zakwera. Ndalama imeneyo sindingaikwanitse, komanso sindikufuna kuwataya, chifukwa zaka zitatu zonsezi sanandigwiritsepo fuwa la moto. Ndiwayankhe bwanji?"

Mayi, imelo yanu ndinaiwerenga ndili m'shedi, ndipo maso anga anathamangira pa makatoni atatu amene ali pakona mpaka lero, odzaza mabotolo omwe sindidzawagwiritsanso ntchito. Ndiloleni ndiyambire pa makatoniwo.

Ine ndimapanga chiponde. Nsawa ndimagula kwa alimi a ku Katete ndi ku Chadiza, koma mabotolo apulasitiki amachokera ku Lusaka. Kwa zaka zinayi ndinkawatenga kwa bambo mmodzi yemweyo, mabotolo 2,000 ulendo uliwonse, pa K4 limodzi. Ankawakweza yekha pa thiraki yobwera kuno ku Chipata, ine n'kukangowalandira ku Down Shops, ndipo ndinkalipira patatha masiku 30. Mu 2024, chaka chija cha chilala pamene malaiti ankapita m'mawa n'kubwera anthu titagona, ananditumizira imelo ya mizere itatu yoti botolo lafika pa K5.20. Tsiku limenelo chigayo changa chinali chitakhala chete kuyambira mbandakucha, nsawa zokazinga zili m'mabeseni, anyamata awiri akungosewera bawo kudikira magetsi. Ndinawerengera pa foni: K2,400 yoonjezera pa oda imodzi. Mtima unakwera.

Ndinayankha usiku womwewo, cha m'ma 11 koloko, ndi tochi ya foni. Ndinalemba kuti uku n'kuba masanasana, kuti anthu a ku Lusaka amationa ife akum'mawa ngati ogona, ndiponso kuti ogulitsa mabotolo alipo ambiri ndipo mawa lomwe ndikatenga kwina. Ngati zimenezo sizinakwane, ndinaikanso adiresi ya bwana wake kuti naye aone. M'mawa yankho linabwera, chiganizo chimodzi: tamva, tikufunirani zabwino.

Ogulitsa ambiriwo ine sindinkadziwa ndi mmodzi yemwe. Ndinafufuza sabata yathunthu mpaka ndinapeza wina wa K4.50, ndipo ndinayamba kudzitamandira kwa amuna anga kuti mwaona. Kenaka zina zinayamba kutulukira. Iye sagulitsa mabotolo ochepera 5,000, ndalama amafuna zonse katundu asanachoke, ndiye kuti K22,500 pompopompo, ndipo mayendedwe ndi anga. Amene munayendapo pa Great East Road mukudziwa kuti makilomita oposa 550 amenewo, ndi mapiri a ku Luangwa aja, palibe amene angakunyamulireni makatoni mwaulere, ndipo mabotolo opanda kanthu ndi opepuka koma amadya malo ngati thonje. Nditaphatikiza zonse, botolo linandifikira pafupifupi K5 yomweyo. Choipitsitsa chinali zivundikiro. Mazinga ake sankagwira bwino, ndiye chiponde chikakhala pa shelefu masiku otentha a Okutobala, mafuta aja amene amakwera pamwamba ankachucha n'kunyowetsa lebulo. Shopu ina inandibwezera makatoni anayi. Patatha miyezi inayi ndinabwerera kwa bambo wakale uja, mutu uli pansi. Anandilandira mwaulemu, pa K5.20, koma za masiku 30 zija anati ziyambe zaima kaye. Mpaka lero ndimalipira katundu asanakwere thiraki.

Ndiye ndikamva anthu akulangizana kuti "muopsezeni kuti muchoka, atsitsa", ndimakwiya. Amene amanena zimenezi sanayambe agulapo kanthu pa ngongole. Kuopseza kumagwira ngati muli ndi koteshoni yeniyeni m'manja, ya munthu amene mwaona katundu wake ndipo mukudziwa kuti amafuna kulipidwa motani. Popanda zimenezo mukungodziika pamalo oti mnzanuyo akanena kuti pitani bwino, mulibe kolowera. Ndipo Chipata ndi yaing'ono. Oweta nkhuku amakumana pa shopu imodzi pogula anapiye ndi chakudya, amakambirana za ife ogula, ndani amalipira ndipo ndani amazemba foni. Mukamulalatira mmodzi Lolemba, pofika Lachisanu anzake amva.

Koma musatengere nkhani yangayi kuti ndiye kungokhala chete. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ambiri a ife timaopa mawu oti ayi, ndiye timangosiya imeloyo osayankha, n'kupitiriza kuitanitsa katundu ngati palibe chachitika. Dziwani kuti munthu akakuuzani mtengo watsopano, inu osatsutsa, kenaka n'kumuuza kuti abweretse nkhuku, ndiye kuti mwavomera. Inivoisi ikadzabwera ndi K135 mulibe pogwira. Ndipo chinanso chimene ndimadana nacho ndi chija choti munthu amalandira inivoisi ya mtengo watsopano, n'kungotumiza ndalama za mtengo wakale osanena kanthu. Amenewo ndi mwano, ndipo ubale umathera pamenepo kuposa pa imelo yokana.

Pa nkhani ya dizilo ndili ndi kakuti ndinene. Mu 2022 bungwe la boma loona za mafuta ndi magetsi la ERB linayamba kuunika mitengo ya mafuta mwezi ndi mwezi, ndipo miyezi ina imakwera, ina imatsika. Koma kodi munalandirapo imelo yoti dizilo watsika, ndiye tachotsako K5? Ine ayi. Dizilo wasanduka ngati maliro a azakhali amene wantchito amapemphera tchuthi kanayi pa chaka. Nkhuku zochokera kuno komwe, za pa vani ya makilomita khumi kapena makumi awiri, mafuta ake pa nkhuku imodzi ndi ochepa kwambiri.

Chakudya ndiye nkhani ina, ndipo apa bambowo musawatenge ngati akunama. Pa ndalama zonse zolerera nkhuku yanyama m'masabata ake asanu ndi limodzi, chakudya chimatenga pafupifupi magawo awiri mwa atatu, ndipo chimapangidwa ndi chimanga ndi soya, zomwe mitengo yake tonse timaiona. Pitani nokha ku shopu mukafunse thumba la makilo 50 linali zingati miyezi itatu yapitayo, lero lili zingati. Tiyerekeze kuti lakwera ndi 15 peresenti. Magawo awiri mwa atatu a 15 ndi 10, ndiye kuti nkhuku yakwera ndi pafupifupi K11, kufika cha m'ma K121. Iwo akupempha pafupifupi 23 peresenti. Kusiyana kumeneko ndiye pokambirana panu. Koma mukapeza kuti thumba lakwera ndi gawo limodzi mwa atatu, K135 ili m'malo mwake, ndipo vuto silili mu imelo, lili pa mtengo wa mbale yanu ya nsima ndi nkhuku.

Tsopano imeloyo

Imbani foni kaye. Munthu amene mwagwira naye ntchito zaka zitatu asamve ayi wanu koyamba pa kompyuta. Mufunse za kunyumba, muwauze kuti mwaona uthenga wawo ndipo mtengowo wakulemerani, muyankha molemba. Imelo ndi yosunga zimene mwanena, kuti mawa pasadzakhale "ine ndinamva mwina". Muitumize kwa iwo okha, masana, mutadya.

Musanalembe, sankhani chimene mungawapatse chomwe kwa inu n'chotsika mtengo koma kwa iwo n'chachikulu. Kwa woweta nkhuku ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndalama zamsanga, chifukwa chakudya amagula ndi kashi. Chachiwiri kudziwiratu kuti nkhuku zake zituluka tsiku lakuti, chifukwa nkhuku ikakwana koma osagulidwa imangodya phindu tsiku ndi tsiku. Ndikuyerekeza kuti mumalipira pakutha pa mwezi. Ngati si choncho sinthani mzerewo.

"Bambo Uje, zikomo potidziwitsiratu za mtengo watsopano, komanso chifukwa cha nkhuku zabwino zimene mwakhala mukutibweretsera pa nthawi yake zaka zitatuzi. Taunika bwinobwino, ndipo K135 sitingaivomere, chifukwa pa nkhuku 60 ndi K1,500 yoonjezera sabata iliyonse, yomwe mitengo ya chakudya chathu singaibweze panopa. Tikufuna kupitiriza kugula kwa inu. Pempho lathu ndi loti tikhalebe pa K110 kwa miyezi itatu ikubwerayi. Ife tikulonjeza kutenga nkhuku 60 sabata iliyonse osaphonya, ndi kulipira pasanathe masiku 7 m'malo modikira kutha kwa mwezi. Miyezi itatuyo ikamatha tidzakhale pansi tione mtengo wa chakudya cha nkhuku pamene wafika. Oda ya sabata yamawa taiika pa mtengo wakale. Ngati sizitheka, chonde tiuzeni pofika Lachinayi nkhuku zisanaphedwe. Ndingakonde tikumane sabata ino ngati muli ndi mpata."

Onani kuti ayi ali m'chiganizo chachiwiri, osati kumapeto atabisika m'mapepeso. Mulibe mawu oti "tiyesetsa" kapena "tiona", chifukwa wogulitsa amawerenga amenewo ngati inde. Mulibenso kutchula oweta ena. Mzere wa oda ya sabata yamawa musauchotse, ndi umene ukutchinjirizani pa inivoisi yotsatira. Ndipo za masiku 7 zo lembani pokhapokha mukudziwa kuti mukwanitsa ngakhale sabata imene kulibe makasitomala, chifukwa mukaphonya kamodzi, mwawapatsa chifukwa chobwerera pa K135.

K121 ija musailembe mu imelo, ikhale m'mutu mwanu. Mwina adzakana K110 n'kubwera ndi K125, ndipo pamenepo mudzakhala mukudziwa pamene mungaime. Akaumirirabe pa K135, musatseke chitseko: tsitsani oda, mutenge 30 kwa iwo pamene mukuyesa wina ndi 30 zinazo, ndipo muwauze poyera kuti n'chifukwa cha mtengo basi. Nkhuku za watsopanoyo muziike pa sikelo, chifukwa ya K115 yolemera kilo ndi theka ndi yodula kuposa ya K135 yolemera makilo awiri.

Mabotolo aja, ngati pali wina amene akufuna osungiramo mchere kapena misomali, abwere adzatenge. Alipo pafupifupi 1,800, koma musaikemo chamadzimadzi.