Kodi batire ya 12V 100Ah idzadza m'maola angati?

"Batire yanga ya asidi ndi ya 12V 100Ah, ili theka, ndipo tchaja ndi ya 10A. Kodi idzadza m'maola asanu?"

Ayi achimwene, maola asanu sakwana. Mwawerengera bwino kuti mu batiremo mukusowa 50Ah, koma si magetsi onse ochoka mu tchaja amene amasungika. Ena amasanduka kutentha, ena amathera pogawa madzi kukhala mpweya, n'chifukwa chake mumaona tithovu batire ikatsala pang'ono kudzadza. Batire ya asidi imasunga pafupifupi magawo 80 mpaka 85 pa 100 aliwonse.

```
maola = Ah osowa ÷ (A × 0.85)
50 ÷ (10 × 0.85) = 5.9
```

Ndiye maola pafupifupi 6, koma awa ndi a papepala. Tchaja yabwino imapereka 10A yonse mpaka batire ifike pa 14.4V, ndipo nthawi imeneyi imakhala yadzadza pafupifupi magawo 80 pa 100. Kuchokera apo tchaja imasunga mavoti omwewo, ma ampiya n'kumatsika pang'onopang'ono. Gawo lomalizali ndi lochedwa kwambiri, lokha lingadye maola atatu kapena anayi. Ma 30Ah oyambawo, ochotsa batire pa theka kufika pa magawo 80, alowa m'maola atatu ndi theka, choncho yembekezerani maola 7 kapena 8 onse pamodzi.

Musadalire wotchi, onani mita. Ma ampiya akatsika kufika pa 1A kapena 2A mavoti akadali pa 14.4V, batire yadzadza. Ikafika pa 14.4V ola lisanathe, musakondwe: mwina batire yakalamba ndipo sisunganso 100Ah, kapena mawaya ndi aang'ono, kapenanso zopanira sizinagwire bwino.