Funso la WACC likundigwetsa, adadi akuti ndidumphe pepalali

"Ankolo, ndafeila kachiwiri pepala la FM, la Financial Management, pa mayeso a zaakaunti a ACCA, ulendo uno ndapeza 46. Fomyula ya WACC ndinailoweza bwinobwino koma ansa yanga siigwirizana ndi ya m'buku. Adadi akuti ndalama zikungotha, ndilembetse pepala lina mu Disembala, ili ndidzaliona patsogolo. Nditani?"

Makalata ngati iyi ndimalandira nthawi iliyonse zotsatira zikatuluka, ndipo ndinene mosabisa achimwene, kuloweza fomyulayi munataya nthawi chifukwa amakupatsani kale pa pepala la mafomyula m'mayeso momwemo. Malikisi ali pa manambala omwe mukulowetsamo. WACC ndi avareji ya mtengo womwe kampani imalipira pa ndalama zomwe yapeza kwa eni masheya ndi kwa oibwereketsa. Mu fomyulayi E ndi mtengo wa masheya onse, D ndi mtengo wa ngongole, Ke ndi phindu lomwe eni masheya akufuna, Kd ndi phindu lomwe obwereketsa akufuna, T ndi msonkho. Titenge funso limodzi tiyende nalo.

```
WACC = E/(E+D) × Ke + D/(E+D) × Kd × (1 − T)
```

Tinene kuti kampani ili ndi masheya 10 miliyoni, m'mabuku analembedwa pa K20 imodzi koma pa msika akugulidwa pa K60. Ili ndi ngongole ya mabondi osabwezedwa ya K500 miliyoni, chiwongoladzanja 12 peresenti, ndipo bondi ya K100 ikugulitsidwa pa K80. Eni masheya akufuna phindu la 20 peresenti, msonkho wa kampani ndi 30 peresenti ngati momwe zilili kwathu kuno.

Ambiri mumathamangira manambala a m'mabuku chifukwa ndi omwe amaoneka koyamba mu funso, K200 miliyoni ndi K500 miliyoni. Ayi. Munthu amene wagula sheya lero walipira K60, ndiye 20 peresenti yomwe akufunayo akuiwerengera pa K60 yakeyo, K20 ija ndi mbiri yakale chabe. Choncho E ndi K600 miliyoni. Ngongole nayonso chimodzimodzi, K500 miliyoni pa mtengo wa 80 pa 100 iliyonse ikubwera K400 miliyoni. Zonse pamodzi K1,000 miliyoni, masheya akutenga 0.6 ngongole 0.4. Ndipo musaonjezerepo mapindu osungidwa pamwamba pa K600 miliyoni ija, ali kale mkati mwa mtengo wa sheya.

Tsopano ngongole, apa ndi pomwe ndikuganiza kuti mukupunthwa. 12 peresenti ija si Kd. Wogula bondi lero akupereka K80 n'kumalandira K12 pa chaka, 12 kugawa ndi 80 ndi 15 peresenti. Kenako msonkho. Chiwongoladzanja chimachotsedwa pa phindu msonkho usanawerengedwe, ndiye pa K12 iliyonse yomwe kampani yalipira, msonkho wake umatsika ndi K3.60, chotuluka m'thumba kwenikweni ndi K8.40, mukagawa ndi 80 mupeza 10.5 peresenti. Dividendi ilibe mwayi umenewu poti imachokera pa phindu lomwe msonkho wadulidwa kale, n'chifukwa chake (1 − T) imakhudza ngongole yokha basi, ngakhale masheya olandira dividendi yokhazikika siiwakhudza.

Ndiye 0.6 × 20 ndi 12, 0.4 × 10.5 ndi 4.2, ansa ndi 16.2 peresenti.

Chomwe ndikufuna muphunzire n'kuzindikira cholakwa poyang'ana ansa yanu. Mukapeza 18 ndiye kuti mwaiwala msonkho. Mukapeza 12.6 mwadula msonkho mbali zonse ziwiri. Mukapeza 13.2 mwagwiritsa ntchito za m'mabuku, ngongole yaoneka yayikulu kuposa momwe ilili ndipo kampani yokhulupirira nambala imeneyo ikhoza kuvomera pulojekiti yobweza 15 peresenti pomwe ndalama zake zikuidya 16.2, kuluza kumeneko. Ansa yabwino imakhala pakati pa 10.5 ndi 20, moyandikira mbali yolemera. Funso likakupatsani ngongole ya kubanki, imeneyo siigulitsidwa pa msika ndiye mumatenga ya m'mabuku yomweyo.

Za adadi anuzo sindikugwirizana nazo ngakhale pang'ono. Ndikumvetsa kuti fizi ikuwawa, koma FM simungaizembe, mudzailembabe, ndipo mukaisiya chaka chathunthu zonse zomwe zili m'mutu panopa zidzauluka mudzayambirenso pachiyambi, ndalama zomwe akudandaulazo zidzapita zambiri. Makolo ambiri amangowerenga kuti mwana walemba mapepala angati osafunsa kuti wagwa pati, zimanditopetsa zimenezi. Komanso inuyo musadzinamize kuti 46 ndi tsoka chabe poti pasi ndi 50. Kufeila kawiri pepala limodzi kukusonyeza kuti kawerengedwe kanu n'kolakwika, mukawerenganso momwemo mudzapezanso momwemo.

Lembetsaninso FM yomweyo, yokha. Tsiku lililonse tengani funso limodzi la mayeso akale, musanakhudze kakyuleta lembani kaye E, D, Ke ndi Kd pambali ndi chifukwa chomwe mwasankhira nambala iliyonse, mukalakwa fufuzani kuti ndi cholakwa chiti mwa zitatu zija. Mukatha mafunso 15 otere, onjezani a mabondi obwezedwa omwe Kd yake imafuna IRR, njira yopezera peresenti ya phindu poyang'ana ndalama zotuluka ndi zolowa chaka ndi chaka, kenako mukawaonetse adadi kope limenelo musanawapemphe fizi.