Khadi la wosunga nthawi silinaphunzitsepo mwana masamu

"Ndimaphunzitsa masamu m'kalasi la ana 40 osiyana kwambiri: ena amamaliza ndisanatsirize kulemba pa bolodi, ena sadziwa poyambira. Ndinawaika m'magulu n'kuwapatsa makadi a maudindo: mtsogoleri, mlembi, wosunga nthawi ndi wofotokoza. Koma ochita bwino ndiwo akugwira ntchito yonse, ovutika angokhala phee, ndipo kholo lina ladandaula kuti mwana wake wasanduka mphunzitsi wosalipidwa. Kodi magulu ndingowasiya?"

Musawasiye, aphunzitsi anzanga. Koma ndisanapite patali ndikufunseni: khadi la wosunga nthawi lili m'manja mwa ndani? Ndikukhulupirira kuti lili ndi mwana amene amavutika koposa onse m'gululo, chifukwa pafupifupi m'kalasi lililonse lomwe ndalowamo n'komwe limathera.

Kalata yanu yandikhudza chifukwa ine ndinakhalapo mwana ameneyo. Mafulakishoni ankandizunguza mutu, ndipo nthawi ya magulu ikakwana ntchito yanga inali yodziwikiratu: kuyang'ana wotchi ya pakhoma n'kunena kuti kwatsala mphindi ziwiri. Mtsikana wina wochenjera ankakokera pepala mbali yake, n'kuliphimba ndi mkono, n'kumalemba mwaliwiro. Sanali wankhanza ayi, ankangofuna kuti gulu lathu limalize. Ine pepalalo ndinkaliona chozondoka, kuchokera tsidya lina la desiki. Gulu lathu linkakhoza, kalasi linkawomba m'manja, inenso ndinkawomba nawo, koma tsiku la mayeso ndinkakhala ndekha ndi pepala lomwe sindinalimvepo n'kamodzi komwe. Chomwe chimandipweteka mpaka lero n'chakuti aphunzitsi akayang'ana gulu lathu ankaona mwana aliyense ali ndi udindo. Khadi lija ndilo linkandibisa kwa iwo.

N'chifukwa chake ndafika pokhulupirira kuti makadi ambiri a maudindo ndi oyendetsera msonkhano, osati ophunzirira. Mtsogoleri, mlembi, wosunga nthawi, wotolera zipangizo: onsewa angathe kugwira ntchito yawo bwinobwino osaganizako za masamu. Ndipo ana si opusa. Amadziwa udindo wolemekezeka ndi udindo wongomutonthozera munthu. Elizabeth Cohen wa ku yunivesite ya Stanford anafufuza zimenezi kwa zaka zambiri: m'gulu, ana omwe anzawo amawaona kuti ndi anzeru ndiwo amalankhula kwambiri, ndipo wolankhula kwambiri za ntchitoyo ndiye amaphunzira kwambiri. Choncho gulu losakonzedwa bwino limangokulitsa mpata womwe munkafuna kuuchepetsa.

Kholo lija nalonso musalinyoze. Ngati mwana wake amangolembera anzake mayankho, likunena zoona, akutaya nthawi. Kafukufuku wa Noreen Webb, katswiri wa za maphunziro, anasonyeza kuti mwana amene amafotokozera mnzake njira yopezera yankho amapindula iye mwini, pomwe kungolandira yankho lopanda kufotokoza sikumuthandiza wolandirayo. Mwana wochenjera nthawi zambiri amadziwa kuti 1/2 + 1/3 ndi 5/6, koma mukamufunsa chifukwa chake manambala a pansi sitiwaphatikiza, amakanda m'mutu. Pamenepo ndi pomwe iye akufunika kukula. Zimandikwiyitsa ndikamva wina akunena kuti ana ochita bwino "azithandiza anzawo" ngati chifundo chabe. Chifundo si njira yophunzitsira, ndipo mwana wolandira chifundo tsiku ndi tsiku amazolowera kudikira.

Zomwe ndingachite m'kalasi lanu

Yambani ndi awiriawiri, magulu a anayi abwere pambuyo. Ndandalikani ana onse 40 kuchokera wochita bwino koposa mpaka wovutika koposa, mndandandawo ukhale wa maso anu okha. Kuudula pakati n'kosavuta: woyamba akhale ndi wa nambala 21, wachiwiri ndi wa 22, mpaka wa 20 ndi wa 40. Umu ndi momwe amachitira mu pulogalamu ya PALS, yoti ana aziphunzitsana awiriawiri, yomwe Douglas ndi Lynn Fuchs anakonza ku yunivesite ya Vanderbilt. Mukaphatikiza woyamba ndi wotsiriza mpata umakula kwambiri, wina amatopa, wina amachita manyazi.

Makadi akhale awiri okha, ndipo pakhadi palembedwe mawu oti mwana anene, osati dzina la udindo lokha. La Wolemba lizinena kuti: "Cholembera chili ndi iwe. Nena mokweza chomwe ukuchita usanalembe." La Wofunsa lizinena kuti: "Usagwire cholembera. Mnzako akaima, werenga chamumtima mpaka 5 usanalankhule. Funsa kuti: Wayambira pati? Ungandijambulire? Ukudziwa bwanji kuti n'zoona? Usanene yankho." Pa funso loyamba wochita bwino ndiye akhale Wolemba, kuti mnzake amve kaganizidwe kake. Kenako asinthane makadi pa funso lililonse.

Tiyerekeze kuti mwana wovutikayo wagwira cholembera ndipo walemba kuti 1/2 + 1/3 = 2/5, chifukwa waphatikiza a pamwamba paokha ndi a pansi paokha. Popanda khadi, mnzake akanangoti "walakwa, bweretsa kuno". Ndi khadi, amufunsa kuti ajambule. Iye ajambula mzere wa timabokosi tisanu n'kudetsa tiwiri. "Kodi tafika pa theka?" Ayi, sitinafike. "Nanga tinayamba ndi theka n'kuwonjezerapo, zatheka bwanji kuti zachepa?" Apa mwana amaona yekha kuti 2/5 singakhale yankho. Akakanika kupitirira, Wofunsa amuthandize ndi funso limodzi: ndi timabokosi tingati tomwe tingagawike pawiri komanso patatu popanda kotsala? Akapeza kuti ndi 6, theka ndi titatu, gawo limodzi mwa atatu ndi tiwiri, pamodzi 5/6. Dzanja lomwe lalemba zonsezi ndi lake.

Ana sabadwa akudziwa kuchita zimenezi. Tsiku loyamba itanani mwana mmodzi kutsogolo, inu mukhale Wolemba wolakwitsa dala, iye agwiritse ntchito khadi kalasi lonse likuonera. Sonyezaninso Wofunsa wolanda cholembera, ana anene okha chomwe chalakwika. Poyamba mphindi 10 kapena 15 n'zokwanira. Mukamayendera magulu musathamangire kuona mayankho, yang'anani manja: pepala lili pakati kapena lapendekera mbali imodzi? Cholembera chili ndi ndani? Ndipo mukamva mwana wonyozeka uja atanena chinthu chanzeru, chitchuleni poyera ndi dzina lake, chenicheni chomwe wanenacho, monga kuti ndiye waona kuti yankho lachepera theka. Cohen ankalimbikitsa zimenezi chifukwa zimasintha momwe anzake amamuonera.

Pomaliza phunziro aliyense awerengere yekha funso limodzi, monga 1/3 + 1/4, pa kapepala kake. Wolemba 7/12 wamva. Wolemba 2/7 ankangogwedeza mutu, ndipo mawa mukhale naye inuyo. Njirayi ndi yoyeserera zomwe mwaphunzitsa kale, si yoyambira mutu watsopano. Mwana amene sadziwa n'komwe tanthauzo la nambala ya pansi musamusenzetse kwa mnzake. Mutengeni pamodzi ndi anzake atatu kapena anayi otere, mukhale nawo pa desiki limodzi nthawi yomwe ena onse ali pa makadi awo.