Kwathu tonse ndi onenepa, ndingozisiya?

"Amayi anga, azakhali ndi agogo onse ndi onenepa, ndipo amayi ali ndi shuga. Ine ndili ndi zaka 34, ndimalemera makilogalamu 92, kutalika masentimita 160. Mnzanga amadya kuposa ine koma sanenepa. Ngati ndi zakumtundu, ndizivutikiranji?"

Achemwali, za mnzanuyo musadzikayikire, zimachitikadi. Ku Canada madokotala anatenga anyamata 24, mapasa ofanana awiriawiri, n'kumawadyetsa makalori 1,000 oonjezera patsiku, masiku 6 pamlungu, kwa masiku 100. Zotsatira zake zinatuluka mu 1990. Chakudya choonjezeracho chinali chofanana kwa onse, koma wina anangokwera ndi makilogalamu 4 pomwe wina anakwera ndi 13, ndipo aliyense ankanenepa mofanana kwambiri ndi mapasa mnzake kusiyana ndi enawo. Ku Denmark nako anafufuza anthu 540 amene analeredwa ndi makolo osawabereka, ndipo anapeza kuti matupi awo anatsata makolo owabereka, osati amene ankawaphikira. Choncho amene amakunenani kuti ndinu adyera akukulakwirani, ndipo zimandipweteka chifukwa kwathunso matupi ndi omwewo.

Koma chimene timatengera kwa makolo si makilogalamu 92 enieniwo. Timatengera msanga umene njala imabwerera, kuchedwa kukhuta, ndi malo amene thupi limasungako mafuta. Ine ndi mng'ono wanga tikakhala pa mbale imodzi, iye amasamba m'manja atadya mtanda umodzi ndi theka, ine ndikamaliza wachiwiri maso amakhala akadali pa wachitatu. Sikuti iye amadziletsa kuposa ine, mimba yake imangomuuza msanga kuti basi. Komanso wonenepa akachepetsa thupi, njala imakula ndipo thupi limayamba kugwiritsa ntchito mphamvu moumira. N'chifukwa chake ambiri amene amadzimana chakudya kuti atsike ndi makilogalamu 25 amabwerera pakale chaka chisanathe kapena patangopita zaka zochepa.

Ndiye malangizo anga ndi akuti thupi la mnzanulo lisiyeni, si lanu. Koma shuga wa amayiyo musamusiye. Iyenso amayenda m'magazi, ndipo apa ndi pamene dzanja lanu likufika.

Yambani ndi chingwe, osati sikelo. Dulani chingwe chotalika ngati inuyo, kuchokera kuphazi mpaka pamutu, muchipinde pakati, kenaka muchizunguze pamimba, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno, mutatulutsa mpweya osakoka mimba. Kwa inu chingwe chopindacho ndi masentimita 80. Ngati nsonga zake zikukumana, mafuta anu ambiri ali m'matako ndi m'ntchafu, ndipo amenewo savutitsa kwenikweni. Ngati sizikukumana, ndiye kuti mafuta akuunjikana pamimba, pafupi ndi chiwindi, ndipo ndi amenewa amene amaitana shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Tayang'ananinso amayi ndi azakhali: mwina onse ndi onenepa, koma thupi lakhala malo osiyana.

Kuchepetsa kumene kukufunika n'kochepa kuposa mmene mukuganizira. Ku America anatsatira anthu oposa 3,000 amene shuga wawo anali atayamba kukwera. Gulu limene linauzidwa kuti lichepetse 7 peresenti ya kulemera kwawo ndi kuyenda mwandawala mphindi 150 pamlungu, chiopsezo chodwala shuga chinatsika ndi 58 peresenti. Kwa inu, 7 peresenti ya 92 ndi makilogalamu 6 ndi pang'ono. Ndiye kuti cholinga ndi 86, pa miyezi ngati 6, kutsika kilogalamu imodzi pamwezi. Pa 86 anthu azikuonanibe onenepa, madiresi azingokhwepa pang'ono m'chiuno, koma magazi anu adzakhala atasintha.

Popeza njala yanu ndi yamphamvu mwachibadwa, musalimbane nayo podumpha chakudya, idzakugonjetsani madzulo. Yambani kudya ndiwo, masamba ambiri ndi nyemba, usipa kapena mazira, nsima ibwere pambuyo, mitanda iwiri m'malo mwa itatu, ndipo ikhale ya mgaiwa ngati mungathe. Chotsani kaye zimene sizikhutitsa: masupuni atatu a shuga m'tiyi ndi zakumwa zotsekemera. Kuyenda kukhale mphindi 30 masiku 5 pamlungu, mofulumira moti mukhoza kulankhula koma osatha kuyimba.

Sabata ino pitani kuchipatala m'mawa musanadye kanthu, akakuyezeni shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo muwauze za amayi. Ngati thupi linabwera mwadzidzidzi mutayamba jakisoni wolera kapena mankhwala ena a tsiku ndi tsiku, kapena likubwera limodzi ndi kutopa, kumva kuzizira ndi kusokonekera kwa msambo, mukanenenso zimenezo, chifukwa mwina si zakumtundu zokha. Mankhwalawo musawasiye panokha dokotala asanakuoneni.