Za denga lotentha ndi manambala a R ndi U

"Abale ndithandizeni. Nyumba yathu ya ku Eriya 49 tafolera malata, koma masana m'kati simukhalika. Wogulitsa wina wanditumizira pa foni mitengo ya faibagalasi woyala pamwamba pa siling'i, wa mamilimita 50 ndi wa 100, ndipo akungonena za `R-value`. Mmisiri wathu akuti vuto ndi malata opyapyala. Ndimvere ndani, nanga manambalawa akutanthauza chiyani?"

Mayi, malatawo asiyeni mmene alili, ndalamayo ipite pamwamba pa siling'i. Ngati thumba likulola tengani wa mamilimita 100. Ngati silikulola tengani wa 50, koma ukwane zipinda zonse popanda kusiya mpata. Ndifotokoze chifukwa chake, kuti mukamalankhula ndi ogulitsa muzitha kuwerengera nokha.

Tiyambire kukhitchini. Mukasiya supuni yachitsulo mumphika wa phala lomwe likuwira, pakapita mphindi zochepa chogwirira chake sichigwirika. Mthiko mumavundula nawo nsima mpaka kupsa, dzanja lili bwinobwino. Moto ndi womwewo, koma chitsulo chimapereka njira kwa kutentha pomwe mtengo umakaniza. Khalidwe limeneli akatswiri analiyeza pa chinthu chilichonse chomangira ndipo analipatsa chilembo k, ena amalemba λ. Mukafuna kufufuza pa foni lembani `thermal conductivity`. Muyeso wake umalembedwa `W/m·K`, koma chofunika kugwira n'chakuti nambala ikakhala yaikulu, kutentha kumadutsa mosavuta. Chitsulo cha malata chili cha m'ma 50. Njerwa yootcha ili cha m'ma 0.7, thabwa cha m'ma 0.13, faibagalasi cha m'ma 0.04. Mpweya wongokhala phee, wosayenda, uli pa 0.026, ndipo chinsinsi cha faibagalasi chagona pamenepa. Faibagalasi ndi tiulusi ta galasi, koma galasi lenilenilo silitchinga kutentha kwenikweni. Ntchito ya tiulusi take n'kugwira mpweya kuti usayende, monga mmene bulangete limachitira mu Juni.

Koma k payekha sakuuzani za chinthu chomwe mwagula, amangonena za mtundu wake. Njerwa kaya ndi imodzi kaya khoma ndi la njerwa ziwiri, k ndi yemweyo. Kuti mudziwe mmene chinthu chanucho chikukanizira kutentha, muyenera kuwerengera ndi kuchindikala kwake, ndipo apa ndi pomwe R amatulukira. Mumatenga kuchindikala, komwe tikulemba d, m'mamita osati m'mamilimita, n'kugawa ndi k.

```
R = d / k
```

Faibagalasi wa mamilimita 50 ndi mamita 0.05. Mukagawa ndi 0.04 mupeza R wa 1.25. Wa mamilimita 100 apereka 2.5. Pa R, nambala yaikulu ndiye yabwino.

Tsopano tiyeseni malata a mmisiri wanu. Lata lochindikala mamilimita 0.3 ndi mamita 0.0003, ndipo mukagawa ndi 50 mupeza 0.000006. Mutagula lochindikala kawiri mupeza 0.000012. Zonsezo n'chimodzimodzi ndi palibe. Malata olimba ali ndi ubwino wake, sapindika wamba akamapondedwa ndipo amakhalitsa, choncho mmisiriyo sakunama kuti ndi abwino. Kungoti pa nkhani ya kutentha, geji ya lata siisintha kanthu. Chomwe chimasintha zinthu pa lata ndi mtundu wake. Loyera kapena lowala limabweza dzuwa lambiri, pomwe lakuda ngati makala lija, lomwe ladzaza m'malo omwe akumangidwa kumene muno mu Lilongwe, limamwa dzuwa n'kutentha koposa.

Ubwino wa R n'ngwakuti amaphatikizika. Denga likakhala ndi zinthu zingapo zosanjikizana, mumangowonkhetsa ma R ake onse. Ngakhale kampweya kopyapyala komwe kamamatirira pansi ndi pamwamba pa siling'i kali ndi R wake pang'ono. Mukapeza R wa zonse pamodzi, U ndi 1 kugawa ndi nambala imeneyo.

```
U = 1 / R
Q = U × A × ΔT
```

U akukuuzani mawati a kutentha omwe akudutsa pa sikweya mita imodzi, pa digiri iliyonse yomwe mbali ziwirizo zasiyana. Ndiye pa U, nambala yaing'ono ndiye yabwino. Mzere wachiwiriwo ndi womwe umapereka yankho lenileni: A ndi kukula kwa siling'i, ΔT ndi kusiyana kwa kutentha pamwamba ndi pansi pake, Q ndi mawati onse olowa m'chipinda.

Titenge chipinda chogona cha mamita 4 mbali zonse, masikweya mita 16. Tiyerekeze kuti ndi masana a mu Okutobala, pakati pa malata ndi siling'i pafika madigiri 48, m'chipinda muli 28. Kusiyana ndi 20. Bolodi la siling'i lopyapyala lili ndi R wa cha m'ma 0.05, ndipo kampweya ka mbali ziwiri kaja kawonjezera cha m'ma 0.3, zonse pamodzi 0.35. U wake ndi 2.9. Mukachulukitsa 2.9 ndi 16 ndi 20 mupeza mawati opitirira 900. Kumeneko kuli ngati mwayatsa mbale imodzi ya hotipuleti m'chipindamo n'kuisiya masana onse. N'chifukwa chake simukhalika.

Yalani wa mamilimita 50. R wafika pa 1.6, U watsika kufika pa 0.63, ndipo mawati olowa atsala cha m'ma 200. Yalani wa 100. R ndi 2.85, U ndi 0.35, mawati atsala cha m'ma 110.

Taonani bwino manambala atatuwa, chifukwa ndi omwe akuuzeni kogulira. Mamilimita 50 oyamba achotsa mawati 700. Mamilimita 50 achiwiri achotsa 90 okha. Wogulitsa akanena kuti wa 100 ali ndi R wowirikiza kawiri akunena zoona, koma sizitanthauza kuti m'nyumba muzizira kawiri. Ntchito yaikulu yachitika kale ndi woyamba uja. N'chifukwa chake ndanena kuti ndalama ikachepa, bola wa 50 nyumba yonse kusiyana ndi wa 100 pabalaza pokha, ana n'kumagona m'chipinda chowotcha. Ine ndimakondabe wa 100 ngati mtengo sunasiyane kwambiri, chifukwa zinthuzi zimaphwa pang'ono ndi zaka, komanso zimagwira ntchito mbali zonse ziwiri. Muno tili pamtunda, mamita opitirira 1,000 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, ndipo usiku wa mu Juni ndi Julayi kumazizira mpaka kutsika pansi pa madigiri 10. Nthawi imeneyo kutentha kwa m'nyumba kumathawira kudenga, ndipo faibagalasi yemweyo ndiye amakusunga.

Pogula, chenjerani ndi chinthu chimodzi. Anthu a ku Amereka amawerengera R ndi miyeso yawo, ndipo nambala yawo imakula pafupifupi ka 5.7 kuposa yathu. Katundu wolembedwa R wa 13 m'kawerengedwe kawo ndi 2.3 m'kathu. Munthu akakuonetsani mpukutu wa mamilimita 100 n'kunena kuti wake ndi 13 pomwe wa mnzake ndi 2.5, musatengeke. Funsani kuchindikala ndi k, mugawe nokha pa foni. Faibagalasi wa mamilimita 100 sangachoke kutali ndi 2.5.

Palinso pepala lonyezimira la aluminiyamu lija amayala pansi pa malata. Limathandiza ndithu, koma mwa njira ina. Lata likatentha limawawula zomwe zili pansi pake monga mbaula imakuwawulirani miyendo muli chapatali, ndipo pepalali limachepetsa kuwawula kumeneko. Palokha n'lopyapyala moti R wake palibe. Nambala yomwe amalemba pa ilo ndi ya pepalalo pamodzi ndi mpata wa mpweya womwe uyenera kukhala pafupi ndi mbali yonyezimirayo. Likapanikizidwa mbali zonse, kapena fumbi likaunjikana pa mbali yonyezimirayo, mphamvu yake imatsika kwambiri. Poti inu mwafolera kale, kuliika bwino n'kovuta tsopano, ndiye ine sindingayambire pamenepo.

Chomwe ndikufuna mutsatire kwambiri ndi kayalidwe, chifukwa ine ndinapsa nako kunyumba kwanga ku Likuni. Tinayala bwino, kenako munthu wamagetsi anakwera kukawonjezera mawaya. Anakankhira faibagalasi pambali ndipo sanabwezere. Chipinda chimodzi chinayambanso kutentha, ine n'kumaganiza kuti ndinagula katundu wabodza. Tawerengerani pa chipinda chathu chija: sikweya mita imodzi yokha ikatsala pamtunda, imalowetsa mawati pafupifupi 60 payokha, ndipo 110 uja amafika cha m'ma 160. Kampata kamodzi pa magawo 16 kawonjezera kutentha kolowa ndi pafupifupi theka. Kudziwa kwake n'kosavuta. Cha m'ma 2 koloko masana kwerani pa mpando, muyendetse chikhatho pansi pa siling'i. Payenera kumveka chimodzimodzi paliponse. Pomwe pakufunda kuposa pena, pamwamba pake pali mpata. Onetsetsani makamaka m'mphepete mwa makoma, pomwe denga latsika ndipo woyala amachita ulesi kukwawira, komanso pa kachitseko kokwerera kudenga.

Asaupanikize. R uja tinamupeza pogawa kuchindikala, ndiye wa mamilimita 100 akaupondereza ndi matabwa kapena masutikesi mpaka kufika pa 50, mwataya gawo lalikulu la zomwe munalipira. Usanyowenso, chifukwa madzi amadutsitsa kutentha kuposa mpweya maulendo opitirira 20. Mvula yoyamba ya mu Novembala isanagwe, mmisiri ayang'ane misomali ya malata ndi pamsonkhano pa denga ngati sipakudontha. Ngati muli ndi mababu olowa m'kati mwa siling'i, wamagetsi ndiye anene mpata woti usiyidwe mozungulira, chifukwa ena amatentha ndipo sayenera kufunditsidwa. Woyalayo avale magolovesi, malaya a manja aatali ndi chotchinga pamphuno, poti tiulusi timeneti timayabwa kwambiri.

Za makoma musadandaule nazo panopa. Khoma la njerwa la mamilimita 230 lili ndi U wa cha m'ma 2, womwe pa pepala suoneka wabwino, koma njerwa n'zolemera, zimatenga maola kuti zitenthe mpaka m'kati, ndipo U sawerengera kuchedwa kumeneko. Khoma lomwe limavuta ndi loyang'ana kumadzulo, lomwe limamwa dzuwa la masana n'kumalitulutsira m'chipinda usiku. Limenelo mankhwala ake ndi mthunzi, kaya khonde kaya mtengo, ndi kutsegula mawindo kukangoyamba kuzizira madzulo. Faibagalasi amangochedwetsa kutentha, sapanga kuzizira, ndiye kutentha komwe kwalowa kale kuyenera kupeza potulukira.

Muyese kukula kwa zipinda zonse, muwonjezere pang'ono za zodula, ndipo wogulitsayo akutumizireni chithunzi cha pepala lomata pa mpukutu pomwe palembedwa kuchindikala ndi k. Mukalandira tiikireni muno tiwerengere limodzi musanalipire.