Nkhani ya Yosefe ndiyo poyambira pabwino

"Andipempha kuti ndikalankhule za kukhululuka pamsonkhano wa Akhristu, Asilamu ndi ena. Kodi ndiyambire pati kuti ndisakhumudwitse wina aliyense?"

Bambo, ine ndikuona kuti muyambire pa Yosefe, amene Asilamu amamutcha Yusuf, chifukwa mbali zonse ziwiri zimaidziwa nkhani yake ndipo palibe amene angaione ngati ya eni. Pa Genesis 50:15-21, abale ake akuopa kuti awabwezera popeza bambo awo amwalira, koma iye akuwatonthoza nalonjeza kuwasamalira pamodzi ndi ana awo. Mu Korani, Sura 12 ndime 92, akuwauza kuti sawadzudzula pa tsikulo, nawafunira chikhululuko cha Mulungu.

Mukatero musafulumire kunena kuti zipembedzo zonse zimaphunzitsa chimodzimodzi, pakuti abusa ndi mashehe amene akhale kutsogolo akudziwa kuti pali kusiyana. Pa Mateyu 18:21-22, Yesu akuletsa Petro kuikira malire kukhululuka. Korani, pa Sura 42 ndime 40, ikuvomereza kubwezera kolingana ndi cholakwacho, koma ikulonjeza mphoto kwa wokhululuka ndi kuyanjanitsa, motero wolakwiridwa ali ndi ufulu wosankha. Ayuda nawo amaphunzitsa kuti tsiku lawo la chitetezero cha machimo, lotchedwa Yom Kippur, silifafaniza chimene munthu walakwira mnzake kufikira atapita kukamupepesa, monganso kumudzi wolakwa amapepesa ndi nkhuku pamaso pa amfumu.

Za mtanda wa Yesu mukazisiye, popeza apo mpamene Akhristu ndi Asilamu amasiyana kwambiri. Ndime za Korani mukaziwerenge m'Chichewa, mutayamba mwazionetsa kwa shehe kuti atsimikize kamasuliridwe kake.