Kampeni imatsata ndalama, gulu limatsata katundu

"Achemwali, ine ndimaoda mapanelo a sola, mabatire ndi mainiveta ku Joni n'kumagulitsa ku Lilongwe ndi ku Chipata. Ndinatsegula Google Ads, zonse ndinaika mu kampeni imodzi, koma ndalama zikutha osadziwa kuti zapita pa katundu uti. Ndigawe bwanji?"

Achimwene, choyamba dziwani pomwe ndalama zimakhala. Mu Google Ads bajeti ya tsiku imaikidwa pa kampeni, pamodzi ndi dera lomwe malonda azionekera. Gulu, lomwe pa kompyuta limalembedwa `Ad group`, lilibe thumba lakelake. Limangosunga mawu omwe anthu amafufuza ndi uthenga wowayankha. Magulu onse a mu kampeni imodzi amadyera mbale imodzi, ndipo wamsanga ndiye amakhuta. Kwa inu wamsangayo ndi mapanelo, chifukwa owafufuza ndi ambiri, ena ongofuna kudziwa mtengo. Iniveta, yomwe mwina ndiyo imakupatsani phindu lalikulu, imangotsala ndi nyenyeswa.

Choncho tsegulani kampeni yatsopano pokhapokha ndalama kapena dera zikusiyana. Tiyerekeze kuti muli ndi madola 10 pa tsiku. Kampeni zitatu zakwana:

```
MW_Lilongwe_Mabatire-Iniveta   $5
MW_Lilongwe_Mapanelo           $3
ZM_Chipata_Zonse               $2
```

Chipata ikhale payokha ndithu. Mtengo wake ndi wa kwacha ya Zambia, katundu amadutsanso chipata cha Mchinji, ndiye phindu pa batire imodzi silifanana ndi la ku Lilongwe. Mukaziphatikiza simudzadziwa kuti mbali iti ikubweza ndalama. Koma musapitirire pamenepa. Madola 10 mukawamwaza pa kampeni zisanu ndi zitatu, iliyonse izipeza anthu odina awiri kapena atatu patsiku, ndipo mwezi utha mulibe choti n'kuweruzira.

Musadzidzimuke tsiku lina kampeni ya madola 5 ikadya 9. Google imatha kufika kawiri pa bajeti ya tsiku, koma pa mwezi sidutsa bajetiyo kuchulukitsa ndi 30.4. Pa madola 10 ndiye kuti 304 pa mwezi. Imeneyo ndiyo nambala yoti muyang'ane poika ndalama pa khadi, makamaka mmene madola akuvutiramu.

Tsopano magulu. Gulu limodzi, katundu wamtundu umodzi, uthenga wonena za katundu yekhayo, ndi tsamba lofikira la katundu yemweyo. Mu kampeni ya mabatire ndi iniveta ija muike magulu atatu: mabatire a lifiyamu, mabatire a jelo, ndi mainiveta. La lifiyamu likhale ndi mawu ochepa ngati awa:

```
"lithium battery lilongwe"
"100ah lithium battery price"
[lithium solar battery]
```

Zizindikiro za `" "` zimauza Google kuti ionetse uthenga pa zofufuza zomwe muli tanthauzo la mawuwo, pomwe za `[ ]` zimafuna tanthauzo lofanana ndendende. Mawu asanu mpaka khumi akwana. Kuti mudziwe ngati gulu lili bwino, werengani mawu ake onse, kenako muwerenge uthenga wanu. Ngati pali liwu lomwe uthengawo sukuliyankha mwachindunji, liwulo ndi la gulu lina. Munthu wofuna lifiyamu akaona uthenga wongoti "zipangizo za sola zilipo", amadumpha. Akadina n'kufikira tsamba la mapanelo, amabwerera, inu mutalipira kale.

Ubwino wake waukulu kwa ife odutsa malire umaoneka katundu akachedwa. Thiraki ikaima ku Mwanza podikira mapepala, mabatire a jelo n'kutha m'shopu, mumangoimitsa gulu limenelo ndi `Pause`. Madola 5 aja amapita kwa magulu awiri otsala, osati kuitana anthu pa chinthu chomwe mulibe.

Magulu oyandikana amalandana makasitomala, ndiye muwatchingire ndi `Negative keywords`, mawu omwe munthu akawalemba pofufuza uthenga wanu suoneka. Mu gulu la jelo ikani `lithium`, mu la lifiyamu ikani `gel`. Pa kampeni yonse ikani `car`, `phone`, `laptop` ndi `jobs`, apo ayi muzilipirira ofuna batire ya galimoto. Sabata iliyonse tsegulani `Search terms`, pomwe pamaoneka zomwe anthu analembadi. Mukaona mawu a iniveta akugwera mu gulu la mabatire, mpanda wabooka penapake.

Palinso malo awiri omwe ndalama zimadontha mwakachetechete. Popanga kampeni ya `Search`, chotsani chizindikiro pa `Display Network`, kuti bajeti isapite ku zithunzi za m'mapulogalamu a m'foni. Ndipo pa `Location options` sankhani `Presence`, kuti malonda azioneka kwa omwe alidi m'deralo. Inde, alipo abale athu a ku Joni omwe amagulira makolo sola kumudzi, ndipo ndi makasitomala abwino. Amenewo muwatsegulire kampeni yawoyawo ya South Africa, ndi uthenga wonena kuti mumakapereka katundu mpaka pakhomo, koma muchite zimenezi bajeti ikakula kuposa madola 10 aja.